Mphwa watumiza chigaza, amalume sanagone: nkhani ya 💀 ndi 😂 pa gulu la banja

Tsegulani foni yanu manje manje, mulowe pa gulu la banja la WhatsApp. Inde, lomwe lija limene amalume amatumizapo vesi m'mamawa ndipo achemwali amakumbutsirapo za chopereka cha ukwati. Pitani m'mwamba pang'ono, muone tizithunzi timene anthu amaika pa mapeto a mawu. Mupeza kuti achikulire ali ndi tawo, ana a sukulu ndi a kukoleji ali ndi tawo. Tiwiri mwa tizithunzi timeneti, 💀 ndi 😂, tikhoza kukudanitsani ndi m'bale wanu popanda wina aliyense kufuna zoipa.

Vuto lake ndi ili. Wachikulire akaona imoji amawerenga chimene chajambulidwa: chigaza ndi chigaza, misozi ndi misozi. Wachinyamata amamva mawu amene ali kuseri kwa chithunzicho. Onse awiri akuona chinthu chimodzi pa galasi la foni, koma uthenga umene wafika m'mutu ndi wosiyana.

Usiku wa amalume ku Chadiza

Tiyerekeze kuti inu muli ku Lusaka, mwina ku Chawama kapena ku Mtendere, ndipo kwanu ndi ku Chadiza, dera la amfumu a Zingalume. Amalume anu ali kumudzi, alima soya ndi chimanga. Tsiku lina madzulo akutumiza chithunzi pa gulu la banja. Njinga yagwera m'ngalande, thumba la soya lang'ambika, iwo matope thupi lonse. Pansi pake alemba kuti: "Onani ana inu, galu wa aneba wandigwetsa popita ku Boma."

Mng'ono wanu wa zaka 19 waseka mpaka nthiti kuwawa. Sanalembe liwu ngakhale limodzi. Wangotumiza 💀💀💀, n'kuika foni pa chaja, n'kugona.

Manje onani zimene zikuchitika kumudzi. Amalume aja miyezi yapitayi akhala akupita kuchipatala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Pali kankhani ka munda wa malemu agogo kamene sikanathe bwino pakati pa iwo ndi amayi anu. Ndiye usiku uno, atangopulumuka pa ngozi ya njinga, mwana wa mlongo wawo wawatumizira mitu itatu ya anthu akufa, popanda "pepani", popanda "mwavulala kodi?" Inu mukanakhala iwo, mukanagona?

Kumudzi foni yaikulu siikhala ya munthu mmodzi. Ambuya sawerenga, choncho mdzukulu amawawerengera mokweza. Mawu amawerengeka, koma imoji munthu amachita kuifotokoza. Mwanayo anena kuti, "Ati atumiza mutu wa munthu wakufa, itatu." Pofika m'mawa nkhani yafika kwa aneba, ndipo amayi anu ku Lusaka alandira foni ya funso limodzi: "Mlongo, mwana wako afuna kundiuza chiyani?"

Mwanayo sanafune kuuza amalume chilichonse choopsa. Iye anati, "Amalume, mwandipha ndi nseko."

Chigaza chimene chimaseka

Apa ndiye pali chodabwitsa, chifukwa mawu amenewa si achilendo kwa ife. Ndani sanamvepo ambuya akunena kuti "tinafa nalo phwete"? M'tauni timati "nafa ine!" kapena "uzanipaya iwe" munthu akatiseketsa kwambiri. Palibe amene amathamangira kukagula bokosi akamva zimenezi. Achinyamata olankhula Chingerezi nawonso ali ndi kanenedwe kofanana, koti munthu waseka mpaka kufa, ndipo chigaza cha pafoni ndi kanenedwe komweko kojambulidwa.

Kusiyana kuli pa khutu ndi diso. "Nafa" wa pakamwa amabwera ndi nseko, kuwomba m'manja ndi kugwira m'mimba, ndiye palibe amene angasokonezeke. Chigaza cha pafoni chimafika chili duu, chopanda mawu, chopanda nkhope ya wotumiza.

Ndipo ganizirani kumene munthu wa ku Chadiza wa zaka 60 anachionapo chigaza m'moyo wake. Anachiona pa botolo la mankhwala opopera thonje, chili ndi mafupa awiri opingasa, kutanthauza kuti ukamwa wapita. Anachiona pa zikwangwani zochenjeza za ngozi. Anachimva m'nkhani za ufiti, zimene anthu amakamba motsitsa mawu. Pa zonsezi palibe pamene chigaza chinali nthabwala. Ndiye musati amalume ndi otsalira. Akuwerenga bwino lomwe, monga mmene moyo unawaphunzitsira.

Dziwaninso kuti pafoni pali zigaza ziwiri. Pali 💀 chopanda mafupa, chimene achinyamata amasekera, ndi ☠️ cha mafupa opingasa, chofanana ndi cha pa botolo la poizoni. Mukalemba `skull` pofufuza imoji, zonse ziwiri zimabwera pamodzi. Kwa mnzanu wa kukoleji kusiyanako n'kochepa, koma kwa mlimi wa thonje chachiwiricho ndi chenjezo lenileni.

Mmene 😂 anakalambira

Mwina mukufunsa kuti, nanga ana amenewa alekeranji kugwiritsa ntchito nkhope yoseka imene tonse timaidziwa? Yankho lili m'mbiri yake.

Zonse ziwiri, 💀 ndi 😂, zinalowa m'ndandanda wa bungwe la Unicode Consortium m'chaka cha 2010. Bungwe limeneli ndi limene limagwirizanitsa zilembo ndi tizithunzi kuti foni ya mtundu wina izitha kuwerenga zochokera ku foni ya mtundu winanso. Nkhope yoseka ndi misozi inatchuka msanga. Mu 2015 a Oxford Dictionaries anaisankha kukhala liwu la chaka, koyamba kuti ulemu umenewu upite kwa chithunzi. Mu 2021 a Unicode atawerengera, anapeza kuti inali idakali patsogolo pa imoji zonse padziko lapansi.

Kutchuka komweko ndi kumene kunaigwetsa pamaso pa ana. Chinthu chikafika poti amayi, aphunzitsi, abusa ndi abwana a kuntchito onse akuchigwiritsa ntchito, wachinyamata amafuna chake. Mu Febuluwale 2021 a CNN analemba nkhani yoti achinyamata a pa TikTok ayamba kuiona 😂 ngati ya achikulire, ndipo m'malo mwake akuika 💀 kapena 😭. Popeza ana athu a ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza akuonera mavidiyo omwewo bandulo ikapezeka, kachitidweko kanafika kuno mosavuta.

Koma tisanamizane, kuno kwathu 😂 sanafe. Onani pansi pa nkhani iliyonse yoseketsa pa Facebook, mupeza mizere yake yambirimbiri, ya ana ndi akulu omwe. Chimene chachitika n'chakuti kwa ambiri achinyamata yapepuka mphamvu. Nkhope imodzi ya 😂 nthawi zina imangotanthauza "ndamva, zikomo," ngati kumwetulira kwaulemu kumene mumapatsa apongozi akanena nthabwala imene munaimva kale. Chinthu chikawaseketsa zenizeni, m'pamene chigaza chimatuluka.

Chigazacho chilinso ndi ntchito ina imene 😂 saikwanitsa. Chimanena za manyazi. Mtsikana akalembera mnzake kuti "Natuma meseji ya chibwenzi kwa adadi 💀", sakuseka chabe. Akuti, "Ndayaluka, kwanga kwatha." Mnyamata akalemba kuti "Mayeso ni mailo, sininawerenge 💀", akudziseka yekha ali pamavuto. Muli nseko, muli mantha pang'ono, muli kugonja.

Misozi imene si ya maliro

Manje titembenuze nkhaniyi, chifukwa achikulire nawonso ali ndi ngozi yawo, ndipo yawo imagwa pa tsiku loipitsitsa.

Tiyerekezenso. Uthenga wafika pa gulu lomwe lija: "Abale, ambuya atisiya usiku uno ku chipatala cha Chadiza. Maliro ali kumudzi." Anthu ayamba kuyankha. Kenaka amayi aang'ono, munthu wa Umanyano, amene analera theka la ana a pagulupo, atumiza kuti: "Mayo ine amayi anga 😂😂😂".

Mdzukulu amene ali mu basi pa Great East Road, maso ali ofiira, akuona nkhope zitatu zikuseka imfa ya ambuya ake. Mtima umuwawa. Koma amayi aang'onowo akulira zenizeni. Iwo anafuna chithunzi cha misozi, ndipo anasankha chimene chili ndi misozi yooneka bwino.

Kulakwitsa kumeneku kuli ndi zifukwa zake zomveka. Choyamba ndi maso. Munthu akapitirira zaka 40, kuona zinthu zazing'ono zapafupi kumayamba kuvuta, ndipo imoji pa foni ndi yaing'ono kuposa njere ya chimanga. Madontho a buluu amaoneka msanga, koma kakamwa koseka sikaoneka popanda magalasi.

Chachiwiri ndi mmene foni imasanjira tizithunzi. Mukatsegula malo a imoji, zoyamba kuoneka ndi zimene zagwiritsidwa ntchito posachedwa. Ngati foni ya amayi aang'ono imakhalanso m'manja mwa ana a pakhomo, 😂 amakhala pamwamba penipeni, kudikira chala.

Chachitatu chinabwera mu Meyi 2022, pamene WhatsApp inayamba kulola munthu kuyankha uthenga pongoudinikiza n'kusankha kachithunzi. Pa mzere umene umatulukawo, tizithunzi 6 toyambirira ndi iti: 👍 ❤️ 😂 😮 😢 🙏. Onani bwino. Pakati pa nkhope yoseka ndi nkhope yolira pali kachithunzi kamodzi kokha. Chala chonjenjemera ndi chisoni, pa galasi long'aluka, chikhoza kuphonya mosavuta.

Ngati mufuna kuphunzitsa achikulire a kwanu, musawauze za misozi. Auzeni kuti aziyang'ana kamwa. Pa 😂 kamwa latseguka mokweza m'mbali, mano akuoneka, ndipo misozi ikuthawira m'mbali mwa nkhope. Pa 😢 kamwa lagwa pansi ndipo msozi ndi umodzi. Pa 😭 misozi ikutsika ngati mitsinje iwiri kuchokera m'maso mpaka kuchibwano.

Koma apa palinso msampha wina, ndipo uwu ndi wa ana. Nkhope ya 😭, imene achikulire amaidziwa kuti ndi kulira kwa pamaliro, achinyamata ambiri amaigwiritsanso ntchito poseka, kapena poona kamwana kokongola. Choncho mwana wanu wa ku sekondale akalemba kuti "Amayi 😭😭😭" pansi pa chithunzi chanu cha chitenje chatsopano, musayambe kufunsa kuti wamwalira ndani. Mwina akungoti mwatchena.

Mungadziwe bwanji chimene akutanthauza?

Inu achikulire, mwana akakutumizirani chigaza, musanaitane abale kuti mukhale pansi, onani zinthu zitatu.

Yambani ndi chimene chili pamwamba pake. Chigaza choseka sichibwera chokha, chimayankha chinthu. Ngati pamwamba pali chithunzi cha mbuzi italowa m'tchalitchi, kapena inu mwanena mawu oseketsa, ndiye kuti mwanayo wafa ndi phwete basi.

Kenaka onani pamene chaikidwa ndi kuchuluka kwake. Cha nseko chimakonda kukhala pa mapeto a mawu, ngati kadontho kotsekera chiganizo, kapena chimabwera chobwerezedwa, ziwiri, zitatu, zisanu. Zikachuluka ndiye kuti nseko yakula. Amalume aja anaona mitu itatu n'kuganiza kuti tsoka lawirikiza katatu, pamene mphwa wawo ankatanthauza kuti waseka kwambiri.

Pomaliza onani mmene mwanayo amalembera kwa ena. Pitani m'mwamba pa gulu. Ngati anaika chigaza chomwecho pa chithunzi cha mchemwali wake atapsereza nsima, ndi pa nkhani ya timu yake itagonja, ndiye kuti ndi kaseka kake.

Pali nthawi imodzi imene simuyenera kungoseka n'kudutsa. Ngati mwana walemba mawu olemera, monga "natopa na moyo" kapena "palibe wonifuna", n'kuika chigaza kumapeto, musati ndi nthabwala za ana. Achinyamata nthawi zina amabisa zowawa zenizeni kuseri kwa kachithunzi koseka kuti zisaoneke zolemera. Pamenepo werengani mawuwo, osati chithunzi. Muimbireni foni, mumve liwu lake.

Nthabwala ili ndi eni ake

Inu achinyamata, mwina mukuti, "Koma ni imoji chabe." Kumbukirani kuti kwathu kuseka pafupi ndi imfa si kwachilendo, koma kuli ndi malamulo. Pa maliro a Achewa, adzukulu amene amakumba manda ali ndi ufulu wocheza ndi kuseka kumene anamfedwa alibe. Pa maliro a m'tauni mumaona chimbuya, a kum'mawa ndi Abemba akunyozana, kupakana ufa kapena paudala, anthu n'kuseka pakati pa chisoni. Palibe amene amakwiya, chifukwa aliyense akudziwa amene ali ndi chilolezo choseka ndi amene alibe.

Chigaza cha pafoni chili ngati chimbuya cha msinkhu wanu. Pakati pa inu ndi anzanu chilolezo chilipo, ndipo onse akuchidziwa. Amalume sanalowe nawo m'pangano limenelo. Simungapake ufa munthu amene si mbuya wanu n'kudabwa kuti wakwiya.

Ndiye pa gulu limene pali makolo, apongozi kapena akulu a mpingo, chigaza chisiyeni. Ngati chinthu chakuseketsani, 😂 yemwe mumamuti ndi wachikale uja ndi amene amamveka kwa onse. Ndipo pa nkhani ya ngozi, matenda kapena maliro, yambani ndi mawu. Mng'ono wanu uja akanalemba kuti, "Pepani amalume, simunavulale? Koma chithunzichi chandiseketsa 😂", amalume akanaseka naye limodzi, ndipo mwina akanawonjezera nkhani ya galuyo.

Zikalakwika, chitani izi

Tinene kuti chala chaphonya kale. Ngati munachita kudinikiza uthenga n'kusankha kachithunzi kolakwika, dinani pa kachithunziko pansi pa uthengawo. Patuluka mayina a onse amene ayankha, ndipo pa dzina lanu pali mawu akuti `Tap to remove`. Dinani pamenepo, kachoka. Chitani msanga, chifukwa mwini uthenga amalandira chidziwitso, ndipo aliyense pagulu akhoza kuona kuti waika ndani.

Ngati imojiyo inali mkati mwa uthenga umene munalemba, WhatsApp imalola kukonza uthenga pasanathe mphindi 15. Dinikizani uthengawo, musankhe `Edit`, muchotse nkhope yolakwikayo. Mphindizo zikadutsa, njira yotsala ndi `Delete for everyone`, imene imagwira ntchito kwa masiku pafupifupi awiri. Samalani kuti musasankhe `Delete for me`, chifukwa pamenepo uthenga uchoka pa foni yanu yokha, ena onse akuuonabe. Woyang'anira gulu nayenso akhoza kufufuta uthenga wa munthu wina, choncho ngati amayi aang'ono atumiza 😂 pa maliro ndipo foni yawo yazima, woyang'anira awathandize.

Koma kufufuta kokha sikukwanira. Pamalopo pamatsala chizindikiro choti uthenga wafufutidwa, ndipo amene anauona anauona. Kumudzi, kumene uthenga unawerengedwa kale mokweza pakhonde, palibe batani lofufutira. Chimene chimagwira ntchito ndi liwu. Imbani foni, kapena jambulani mawu anu muwatumize: "Amalume, ndine mphwanu. Kachigaza kaja kwa ife ana kamatanthauza kuti ndafa ndi phwete. Sindinaganize bwino, pepani. Mwendo uli bwanji?" Akamva "ndafa ndi phwete" m'chinenero chawo, adzazindikira kuti ndi mawu omwe aja amene iwonso amanena pa bawo.

Ndipo mukaona wachikulire waika 😂 pa uthenga wa maliro, musamudzudzule pagulu, komanso musajambule n'kutumiza kwa anzanu kuti museke. Mulembereni pambali kapena muimbireni: "Amayi, kankhope kaja n'koseka, kolira ndi aka 😢. Ndikuthandizeni kuchotsa?" Munthu amene ali pachisoni safunika kuwonjezeredwa manyazi.

Ulendo wotsatira mukapita ku Chadiza, kaya ndi pa Khirisimasi kaya pobwera ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, khalani pa mphasa ndi amalume ndi amayi aang'ono, foni ili m'manja. Akulitsireni zilembo pa foniyo kuti aziona bwino. Aonetseni nkhope zitatu zija, 😂 😢 😭, muwafunse kuti iliyonse ikuchita chiyani, ndipo muwasonyeze kamwa. Mukatero aonetseni 💀, muwauze chimene inu mumatanthauza, kenaka muwafunse chimene iwo amaona. Mvetserani yankho lawo mpaka kumapeto musanaseke.